Scotland ndi dziko, koma ilibe pasipoti yakeyake

"Pa mpira ndimaona Scotland ndi England zikusewera ngati mayiko awiri, koma mwana wanga wa fomu 3 akuti ku United Nations Scotland kulibe. Kodi ndi dziko kapena chigawo chabe?"

Mwana wanu walondola bambo, koma nanunso simunalakwe. Chimatisokoneza n'chakuti liwu limodzi lakuti "dziko" timalisenzetsa zinthu zingapo.

Tiyambe ndi mtundu. Mtundu ndi anthu odzimva kuti ndi amodzi chifukwa cha mbiri, chilankhulo kapena miyambo, ndipo malire saudula. Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique akamakumana ku Mkaika pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, amakhala mtundu umodzi wonyamula mapasipoti a maboma atatu. Anthu a ku Scotland nawonso ndi mtundu, ndipo malo awo ali ndi dzina, malire ndi mbendera. Apa dzina lakuti dziko likuwayenera.

Chimene alibe ndi boma loima palokha, lopanda lina pamwamba pake. Pangano la ku Montevideo la 1933 limatchula zinthu zinayi zofunika kuti dziko likhale loima palokha: anthu okhazikika, malo odziwika, boma, ndi mphamvu yochita ubale ndi maboma ena. Scotland imaperewera pa chachinayicho. Mu 1707 inaphatikizana ndi England, ndipo lero ili m'kati mwa United Kingdom. Ili ndi nyumba ya malamulo ku Edinburgh, yomwe inatsegulidwa mu 1999, ndipo imadziyendetsera za sukulu ndi zipatala. Koma za asilikali, akazembe ndi mapasipoti zili m'manja mwa London. Mu 2014 anthu 55 pa ovota 100 aliwonse ku Scotland anasankha kuti asachoke mu United Kingdom. Mu 2022 khoti lalikulu la United Kingdom linagamula kuti nyumba ya ku Edinburgh siingaitanitse voti ina yotere London isanavomere. Kwa ine, chigamulo chimenechi n'chimene chikuonetsa poyera kumene kuli mphamvu zenizeni.

Dera lolamulidwa ndi boma lina ndi nkhani inanso. Gibraltar ili kumwera kwa Spain, ndipo inaperekedwa kwa Britain pa pangano la 1713. Ili ndi nduna yaikulu yake, koma si mbali ya United Kingdom monga Scotland, ndipo ilibe phungu m'nyumba ya malamulo ya ku London. Za chitetezo chake zimayendetsedwa ndi Britain. Komabe FIFA inailandira mu 2016.

Choncho mpira usakusokeretseni. FIFA imalandira mabungwe a mpira, n'chifukwa chake ili ndi mamembala 211 pamene United Nations ili ndi 193. Mwana wanu akakumana ndi funsoli pa mayeso, ayambe wadzifunsa kuti amapereka pasipoti ndani, ndipo amasaina mapangano ndi mayiko ena ndani. Kwa Scotland, yankho la mafunso onse awiriwa ndi boma la ku London.