Mwambi woyenera kulembera munthu wofedwa

Funso: Mnzanga wa kuntchito amuna ake anamwalira mwezi watha. Ndikufuna kumulembera mwambi kapena mawu omulimbikitsa, koma onse amene ndikupeza akumveka ngati ndikumuuza kuti aiwale msanga. Ndisankhe otani?

Yankho: Musanakopeke ndi kukoma kwa mawuwo, yang'anani mneni wake. Kodi akulamula, akulonjeza za mtsogolo, kapena akunena za lero lino? Nthawi zambiri pobaya pamakhala pamenepo.

Tiyambe ndi olamula. "Limbani mtima" timanena tonse, ndipo pakamwa, mutamugwira dzanja namfedwayo, mawu amenewa amafewa. Koma akalembedwa paokha amatsala ali lamulo, ndipo ntchito yolimbayo mwaisenzetsa munthu amene watheratu mphamvu. "Musalire" ndiye amanyanya, chifukwa akuletsa chinthu chokhacho chimene munthuyo angakwanitse tsiku limenelo. Chichewa chili ndi njira yokonzera izi. Mukawonjezera -its- pa "limba" mumapeza "limbitsa", ndipo wochita amasintha. Mukanena kuti "Mulungu akulimbitseni", ngati mnzanuyo ndi wopemphera, simukumutuma kanthu koma mukumufunira mphamvu zochokera kwina. Chiganizo chasanduka pemphero.

Ovuta kuwazindikira ndi olonjeza, aja okhala ndi -dza-: zidzatha, mudzaiwala, mudzasekanso. Mwambi woti "Sunga khosi, mkanda woyera udzavala" ndi wa kupirira ndithu, ndipo ndimaukonda. Umayenera munthu amene walephera mayeso kapena ntchito yamuthera, chifukwa chimene wataya chikhoza kubwera china. Koma mayi amene waika mwamuna wake m'manda akaumva angafunse mumtima kuti, mkanda wake uti? Ena angamve ngati mukuwauza kuti adzapeza banja lina. "Madzi akatayika saoleka" ndi woona, koma ntchito yake ndi kutseka nkhani, ndipo wofedwa sanapemphe kuti nkhani ya malemu itsekedwe. Winanso woti musamale naye ndi "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe". Umenewu ndi wolangiza ife opepesa kuti tisatalikire mavuto a anzathu. Si wouza mwini chisoni.

Miyambi imene imagwira bwino ndi imene imavomereza kuti katunduyo ndi wolemera, n'kuika anthu ena pambali pa wosenzayo. "Mutu umodzi susenza denga" sukunena kuti dengalo lipepuka mawa. Ukungonena kuti si la munthu mmodzi. "Maliro n'kulirana" uli ndi -an- wosonyeza kuchitirana, ndipo kulira kwake sikukuletsedwa koma kukugawidwa. Ngati mnzanuyo amawerenga Baibulo, Aroma 12:15 imanena za kulira pamodzi ndi olira, ndipo Masalimo 34:18 imati Yehova ali pafupi ndi osweka mtima. Onani kuti vesi lachiwirili likunena za tsopano, mtima uli chiswekere.

Komabe mwambi usaime wokha ngati chikwangwani. Uikeni pakati pa mawu anuanu. Anthu ambiri amalemba chonchi: "Limba mtima mnzanga, zonse zidzatha. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala." M'mizere iwiri yokha muli malamulo awiri, malonjezo awiri, ndipo malemuwo sanatchulidwe n'komwe. Ine ndikanalemba motere:

"Achemwali, pepani kwambiri. Ndilibe mawu okwanira pa chimene chakugwerani. Ndimakumbukira mmene bambo ankakudikirirani pachipata mukaweruka mochedwa. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Loweruka ndibwera kudzakhala nanu, ngakhale musafune kulankhula."

Chiganizo chachitatucho musinthe, muikepo chimene inu mukukumbukiradi. Chopeka amachizindikira msanga. Chomalizacho n'chimene chimaupatsa mwambiwo mano, chifukwa kunena kuti denga si la mutu umodzi koma inu osaoneka n'kungokometsa pakamwa. Tchulani tsiku ndi chimene mudzachite, m'malo molemba kuti "mukafuna chilichonse mundiuze", poti wofedwa kawirikawiri sapempha.

Samalaninso ulemu wa mawu. Ngakhale mumaitanana kuti "iwe" masiku onse, pa chisoni ambiri amaona kuti "inu" ndi "pepani" zimakhala bwino kuposa "pepa", pokhapokha ngati ubwenzi wanu ndi wa ponda apa nane ndipondepo. Za malemu nenani kuti "anatisiya" kapena "anamwalira", osati "anafa". Ndipo mkanda woyera uja musautaye. Tsiku limene mnzanuyo adzayambe yekha kukamba za kutsogolo, za sukulu ya ana kapena zobwerera kuntchito, mukhoza kuutchula ndipo sudzamupweteka.