Zoti makhadi osakaniza sabwereza ndondomeko ndi zoona, koma musakanize mokwanira

"Abale, wina wandiuza kuti ndikasakaniza makhadi 52, ndondomeko imene yatulukayo sinayambe yatulukapo chiyambire dziko. Ndi zoona kapena akungondinamiza?"

Ndi zoona achimwene, koma amene amafalitsa nkhaniyi amaidula pakati, ndipo zimandipweteka chifukwa mbali imene amasiyayo ndi imene imalowetsa anthu m'mavuto. Tengani makhadi atatu okha. Pamalo oyamba mutha kuikapo lililonse mwa atatuwo, pachiwiri atsala awiri, pomaliza latsala limodzi. 3 × 2 × 1, ndondomeko 6. Mukawonjezera khadi lachinayi, ndondomeko iliyonse mwa 6 zija ili ndi mipata inayi yolilowetsa, ndiye zikwana 24. Lachisanu, 120. Khadi lililonse latsopano limachulukitsa zonse zimene munali nazo kale. Makhadi 10 afika pa 3,628,800. Makhadi 13 okha, a mtundu umodzi, apitirira 6 biliyoni. Mukafika pa paketi yonse ndi 52 × 51 × 50 mpaka kutsikira pa 1, chimene pa masamu timalemba 52!, ndipo yankho lake ndi pafupifupi 8 × 10^67. Ndiye kuti 8 wotsatiridwa ndi manambala ena 67.

Nambala yotere mutu suigwira, choncho tiyeni tiiyese ndi china. Asayansi amati chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni, omwe ndi masekondi pafupifupi 4.35 × 10^17. Tiyerekeze kuti anthu 8 biliyoni akhala akusakaniza makhadi kamodzi pa sekondi iliyonse nthawi yonseyo, osagona, osapuma. Onse pamodzi asakaniza ka 3.5 × 10^27. Pa 8 × 10^67 paja sanayambe n'komwe, chifukwa manambala awiriwa akusiyana ndi maziro 40.

Wina wodziwa masamu anena kuti funso lenileni ndi lakuti kodi pa kusakaniza konse kumene kwachitikapo palibe kuwiri kofanana. Akunena zoona, ndipo zimenezi zimachitika msanga kuposa mmene timaganizira. N'chimodzimodzi ndi masiku obadwa. Chaka chili ndi masiku 365, koma anthu 23 okha akakhala m'chipinda, mwayi woti awiri anabadwa tsiku lofanana umapitirira theka. Lamulo lake ndi lakuti kubwereza kumayamba kuoneka mukayandikira nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupatsani chiwerengero chonse. Kwa makhadi 52 nambala imeneyo ndi pafupifupi 10^34. Anthu 8 biliyoni aja, ndi khama lawo lonse lija, mwayi woti awiri mwa iwo anafananitsapo ndondomeko ndi pafupifupi umodzi pa 13 thiriliyoni. Si ziro ayi, n'chifukwa chake timati "pafupifupi", koma palibe amene adzazione.

Tsopano mbali imene amabisa ija. Masamu onsewa amagwira pokhapokha ndondomeko iliyonse ili ndi mwayi wofanana wotuluka. Manja a munthu sachita zimenezo pa ulendo umodzi. Paketi yatsopano imabwera makhadi atandandalikidwa kale kufakitale, ndipo anthu ambirimbiri amayambira pa ndondomeko yomweyo. Mukangodula, kutenga a pamwamba n'kuika pansi, ndondomeko zimene mungapeze ndi 52 basi, ngakhale mudule ka 1,000, chifukwa khadi lililonse likutsatirabe mnzake yemwe uja. Ndiye munthu adule katatu, amenye paketi patebulo, n'kunena kuti "asakanikirana, gawani". Ameneyu ndi amene amandikwiyitsa, chifukwa kapena sadziwa, kapena akudziwa bwino lomwe.

Kusakaniza kogawa paketi pawiri n'kulowetsa magawowo wina mwa mnzake ndi zala zazikulu n'kwabwino, koma kamodzi sikukwanira. Ganizani chonchi: khadi lililonse mwa 52 limagwa kuchokera kudzanja lamanja kapena lamanzere, njira ziwiri zokha. Ndiye ndondomeko sizingapitirire 2^52, pafupifupi 4.5 × 10^15. Ikumveka yaikulu, koma gwiritsani lamulo la masiku obadwa lija: anthu pafupifupi 80 miliyoni akatsegula paketi yatsopano yofanana n'kusakaniza kamodzi, mwayi woti awiri afanane wafika kale theka. Apa nkhani yoti "sinayambe yatulukapo" yagwa. Ngakhale kanayi sikungafikire ndondomeko zonse, chifukwa 52! ndi pafupifupi 2^226, pamene maulendo anayi amakupatsani 2^208 basi. Mu 1992 akatswiri a masamu Dave Bayer ndi Persi Diaconis anasonyeza kuti pamafunika maulendo pafupifupi 7 kuti paketi isakanikirane bwino. Mpaka kachinayi ndondomeko yakale imakhala ikuonekabe kwambiri, kenako imayamba kufufutika mofulumira.

Mutha kudzionera nokha patebulo. Ndandalikani makhadi mtundu ndi mtundu, kuyambira A mpaka K, sakanizani kamodzi mwa njira yolowetsana ija, kenako yalani onse nkhope m'mwamba pamzere umodzi. Ikani chala pa khadi limene linali loyamba, yendani mbali imodzi kufuna lachiwiri, lachitatu, osabwerera m'mbuyo. Mukafika kumapeto yambiraninso. Mupeza kuti mwadutsa mzerewo kawiri kokha ndipo makhadi onse 52 mwawapeza motsatana. Magawo awiri aja angolukana, koma mkati mwa gawo lililonse palibe chasintha. Mukasakaniza kawiri mudutsa kosapitirira kanayi, katatu kosapitirira 8. Paketi yosakanikirana bwino imafuna kudutsa maulendo pafupifupi 26. Munthu wodziwa zimenezi akaona 5 ndi 6 a mtundu umodzi atuluka motsatana, amadziwa kuti 7 sali patali, ndipo inuyo mukungoti ali ndi mwayi.

Choipa kwambiri ndi munthu wa manja aluso mopitirira. Akagawa ndendende 26 ndi 26, n'kulowetsa limodzi limodzi mosaphonya, khadi la pamwamba likhalabe pamwamba, akachita zimenezi ka 8 paketi imabwerera mmene inalili poyamba. Mwamuona ndi maso anu akusakaniza ka 8, zala zikuthamanga, phokoso lake losangalatsa, koma palibe khadi limene lasuntha. Chimene chimasakaniza makhadi ndi kuphonyaphonya kwa zala, pano agwe awiri, apo atatu, apo limodzi.

Musasokonezenso paketi yonse ndi makhadi a m'manja mwanu. Magulu a makhadi asanu amene mungalandire alipo 2,598,960 okha, ndipo mukagawiridwa maulendo pafupifupi 1,900 mwayi woti gulu lina labwereza wafika theka. Zimenezo si chinyengo, ndipo sizikutsutsa 52! uja.

Langizo langa: sakanizani ka 7, paketi yatsopano muwonjezere, ndipo wodula akhale munthu wina osati wosakanizayo. Komabe kunena zoona musadalire kwambiri kuwerenga maulendo, chifukwa 7 ameneyu amatengera kuti makhadi akugwa timagulu ting'onoting'ono, ndipo amene amagwetsa khumi nthawi imodzi angafike 7 osachita kanthu. Ngati zala zanu sizinazolowere, amwazeni onse patebulo nkhope pansi, muwavundule ndi manja onse awiri kwa mphindi yathunthu, a m'mphepete muwakankhire pakati, kenako muwasonkhanitse.