Yankho: put up with ndi put up

"Abale, bwana wathu kuno ku Harare anati sangathe put up with phokoso lathu pa ntchito. Kodi mawuwa ndi amodzi ndi put up?"

Ayi achimwene, ndi mawu awiri osiyana. Put up with ndi kupirira chinthu chosautsa, ndiye bwana wanuyo akutanthauza kuti phokosolo lamukwana. Muwagwire mawu atatuwa ngati mneni mmodzi, musawalekanitse. Chinthu chomwe mukupiriracho chimabwera pambuyo pa with: "I put up with the noise." Mukanena "I put the noise up with", palibe angakumveni.

Put up payekha amasintha malinga ndi chinthu chotchulidwacho. "Put up a poster" ndi kukhoma pepala pakhoma, pomwe "they put up the fare" ndi kukweza mtengo, monga amachitira a makombi opita ku Chitungwiza mvula ikagwa madzulo. Apa mutha kulowetsa chinthucho pakati: "put the fare up."

Pomwe ndaona anzathu ambiri akusokonezeka ndi pa nkhani ya malo ogona. "My aunt put me up in Mbare" ndiye kuti azakhali anandisunga kwa masiku ochepa. Koma "my aunt put up with me" ndiye kuti ankangondipirira, ndinali mtolo kwa iwo. Pothokoza munthu samalani pamenepa, chifukwa kamawu kamodzi kokha kamatembenuza uthenga wonse.

Ngati mukukonzekera mayeso a ZIMSEC, aphunzitsi a Chingerezi ayambe aona ziganizo zanu.