Za 29 Febuluwale ndi pulogalamu ya mamembala

"Akuluakulu, ndikulemba kapulogalamu ka Python kosunga mayina a mamembala a kalabu yathu. Munthu akalipira, khadi lake limagwira ntchito chaka chimodzi. Pofufuza ngati chaka chili ndi 29 Febuluwale ndinalemba `year % 4 == 0`, koma mnzanga akuti ndalakwitsa. Ndikonze, kapena akungondiopseza?"

Achimwene, mnzanuyo sakunama. Kungoti cholakwika chomwe wakusonyezanicho n'chaching'ono, chidzaonekera mu 2100 tonsefe tili kumanda. Chomwe chingakuvuteni posachedwapa chili pa mawu anu aja akuti "chaka chimodzi".

Tiyambe ndi za mnzanuyo poti n'zosavuta. Dziko limatenga masiku 365, maola 5 ndi mphindi pafupifupi 49 kuti nyengo zibwerere pomwe zinayambira. Kalendala yakale ya Juliasi Kaisara inkangotenga zotsalazo ngati maola 6 athunthu, n'kumaonjezera tsiku limodzi pa zaka 4 zilizonse. Apa ankaonjezera mopyola ndi mphindi pafupifupi 11 chaka chilichonse. Zikuoneka zochepa, koma zimakwana tsiku lathunthu pa zaka pafupifupi 128. Pofika mu 1582 kalendala inali itasemphana kwambiri ndi nyengo, zomwe zinkasokoneza kawerengedwe ka tsiku la Pasaka, mpaka Papa Gregori XIII analamula kuti adumphe masiku 10. Kumaiko omwe anamvera nthawi yomweyo, anthu anagona Lachinayi pa 4 Okutobala n'kudzuka Lachisanu pa 15 Okutobala.

Kuti zisadzabwerezeke, anachotsa masiku 3 pa zaka 400 zilizonse. Lamulo lake n'lakuti chaka chikagawika ndi 4 chimakhala ndi masiku 366, kupatula zaka zothera ndi 00, zomwe zimafunika kugawikanso ndi 400. N'chifukwa chake 1700, 1800 ndi 1900 zinalibe 29 Febuluwale, 2000 inali nalo, ndipo 2100 sidzakhala nalo. Ambirife tinapusitsidwa ndi 2000 yomweyo: inadutsa ngati chaka wamba chogawika ndi 4, moti kuchokera mu 1901 mpaka 2099 mzere wanu uja umapereka yankho lolondola. Lamulo lonse ndi ili:

```python
y % 4 == 0 and (y % 100 != 0 or y % 400 == 0)
```

Koma ine ndingati musalilembe n'komwe. Python ili nalo kale, ingolembani `import calendar` n'kuitana `calendar.isleap(y)` basi.

Tsopano ku khadi la membala. Pali njira ziwiri zomwe anthu amakonda powerengera tsiku lomwe khadi lidzathe, ndipo zonse zili ndi msampha. Ndikuganiza kuti mwagwiritsa ntchito imodzi mwa izo.

Yoyamba ndi kungoonjezera 1 pa chaka, mwezi ndi tsiku n'kuzisiya momwemo, monga `d.replace(year=d.year + 1)`. Imagwira bwino ntchito masiku onse kupatula limodzi. Membala akalipira pa 29 Febuluwale 2028, pulogalamu idzayesa kupanga 29 Febuluwale 2029, tsiku lomwe kulibe, ndipo Python idzaima ndi `ValueError`. Musachite nazo manyazi, zinagwetsapo akuluakulu. Pa 29 Febuluwale 2012 makina a Azure a kampani ya Microsoft anasokonekera kwa maola ambiri chifukwa cha zomwezi: ziphaso zachitetezo zamkati mwa makinawo zinkalembedwa kuti zithe pakapita chaka, pongoonjezera 1 pa chaka, ndiye zinatuluka ndi deti ya 29 Febuluwale 2013 n'kukanidwa.

Komabe cholakwika chimenechi ndimachikondako, chifukwa chimakuwa. Pulogalamu ikaima, mlembi wa kalabu amakuimbirani foni tsiku lomwelo, mumakonza.

Yachiwiri ndi yomwe ndimaiopa, yoonjezera masiku 365 ndi `timedelta(days=365)`. Iyi siima, imangoba tsiku mwakachetechete. Tengani membala wolipira pa 10 Juni 2027. Aliyense akuyembekeza kuti khadi lake lifika pa 10 Juni 2028. Koma pakati pa masiku awiriwa pali 29 Febuluwale 2028, ndiye kuti mtunda wake ndi masiku 366, ndipo pulogalamu idzalemba 9 Juni. Onani bwino apa: 2027 si chaka cha masiku 366, koma vuto layamba kale. Aliyense wolipira kuyambira pa 1 Malichi 2027 mpaka pa 28 Febuluwale 2028 adzaberedwa tsiku limodzi. Choncho kufunsa ngati chaka chino chili ndi masiku 366 sikukuthandizani. Funso loyenera n'lakuti kodi 29 Febuluwale ili pakati pa tsiku loyambira ndi lothera. Mungazindikire vutoli poyang'ana m'kaundula wanu ngati muli mayina a 2023: ngati wolipira pa 10 Juni 2023 analembedwa kuti athera pa 9 Juni 2024, pomwe wa 10 Juni 2022 anathera pa 10 Juni 2023, mwaupeza muzu.

Malangizo anga ndi akuti mutenge njira yoyamba ija, koma tsiku lovutalo mulisamalire palokha:

```python
from datetime import date

def chaka_chamawa(d):
    if d.month == 2 and d.day == 29:
        return date(d.year + 1, 2, 28)
    return d.replace(year=d.year + 1)
```

Apa sitinafunse n'komwe `isleap`, chifukwa chaka chotsatana ndi cha masiku 366 sichikhala ndi 29 Febuluwale. Ngati mudzayambe kugulitsa makhadi a zaka 4, pamenepo mudzafunika kufunsa.

Ndaika 28 Febuluwale, koma 1 Malichi nayonso siyolakwika. Imeneyi si nkhani ya masamu, ndi ya komiti ya kalabu. Akhale pansi asankhe, alembe m'malamulo awo, inu mungotsatira. Ngakhale Excel imapereka mayankho awiri kutengera momwe mwaifunsira. Selo `A1` ikakhala ndi 29 Febuluwale 2028, `=EDATE(A1,12)` imapereka 28 Febuluwale 2029, pomwe `=DATE(YEAR(A1)+1,MONTH(A1),DAY(A1))` imasefukira pa 1 Malichi. Msungichuma akamagwiritsa ntchito ina, pulogalamu yanu ina, mudzakangana popanda wolakwa.

Poti tatchula Excel, ili ndi chipsera chake. Imavomera 29 Febuluwale 1900, tsiku lomwe silinakhalepo. Lembani 60 mu selo n'kuisandutsa deti, muliona. Anazisiya dala kuti igwirizane ndi Lotus 1-2-3, pulogalamu yomwe inatchuka Excel isanafale. Inu zidzakukhudzani pokhapokha mukamakoka mayina akale kuchokera ku Excel madeti n'kubwera ngati manambala. Pamenepo muwerengere kuyambira pa `date(1899, 12, 30)`, osati 1 Januwale 1900, apo ayi madeti onse adzasuntha.

Musanaipereke kwa mlembi, iyeseni ndi madeti angapo pamanja: 28 ndi 29 Febuluwale 2028, 1 Malichi 2027, komanso 28 Febuluwale 2100 mutaonjezerapo tsiku limodzi, yomwe iyenera kupereka 1 Malichi. Musaiwale 31 Disembala 2028, tsiku la nambala 366 m'chakacho. Tiziwiya toimbira nyimbo ta Zune ta 30 GB tinauma pa 31 Disembala 2008 chifukwa pulogalamu yowerengera deti inangozungulira pamodzimodzi itafika pa 366, ndipo eni ake anauzidwa kuti adikire batire lithe, adzayatsenso pa 1 Januwale. Ngati penapake muli ndi mndandanda wa malo 365 wosungira ndalama za tsiku ndi tsiku, kapena mukugawa ndi 365 powerengera chindapusa cha ochedwa kulipira, yang'ananinso pamenepo.