Chambiko cha apongozi, kanyenya wa pamsika ndi mimba ya miyezi inayi

"Ndili ndi pakati pa miyezi inayi, poyamba. Apongozi amandibweretsera chambiko chopanga okha kuti mwana akule bwino, ndipo nkhuli yandivuta moti madzulo sindidutsa pakanyenya osagula. Mkulu wanga ali ku Mangalande wandikalipira pafoni kuti zonsezi ndisiye, ndi poloni yemwe. Kodi si zachizungu chabe izi? Amayi athu ankadya zomwezi ife n'kubadwa bwinobwino."

Achemwali, mkulu wanuyo sakunama, koma akanakuuzani chifukwa chake m'malo mokalipa. Mwa zitatuzo, ziwiri mukhoza kumadyabe mutangosintha kakonzedwe. Chimodzi, poloniyo, ndicho ndikanakonda mutachiiwala mpaka mutachira.

Kalata yanu yandikwiyitsa pang'ono, osati chifukwa cha inu. Mimba yanga yoyamba ndinakhalira kwa azakhali anga chakumidzi ya ku Thyolo, kumene pafupifupi khomo lililonse lodziwika lili ndi ng'ombe ya mkaka m'khola. Malamulo anandipeza tsiku lomwe ndinafika. Dzira ayi, mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Nzimbe ayi. Tsabola ayi. Kuima pakhomo ayi, mwana adzaima panjira pobadwa. Azakhali ankandilondera ngati mbuzi yolowa m'munda wa eni, ndipo dzira ndinkachita kudyera kwa mnzanga wina, lobisa m'chitenje. Koma m'mawa uliwonse mnyamata wokama akangotuluka m'khola, kapu yoyamba inali yanga, mkaka ukadali wofunda, thovu lili pamwamba, nthawi zina kaubweya ka ng'ombe kakuyandama. "Imwa pompano, ukauphika mphamvu zimathawa." Ine ndinkalandira ndi manja awiri, n'kuzembera kukhitchini kukauthira m'kapoto. Tsiku lina anandipezerera, ndipo nkhani inafika mpaka kwa amayi anga kuti mwana wa m'tauni akunyansidwa ndi chakudya cha kumudzi.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti analetsa dzira lowiritsa, lomwe lilibe vuto lililonse ndipo mayi woyembekezera amalifuna, n'kumandikakamiza chinthu chokhacho pakhomopo chimene chikanavulazadi mwana. Sindikunena kuti azakhali anali oipa. Ankandikonda. Koma miyambo yathu ya zakudya za apakati inaloza mfuti kolakwika, ndipo tikamaopa kunena zimenezi poopa kuoneka amwano, amalipira ndi mwana amene sanabadwe.

Mawu akuti amayi athu ankadya zomwezi ife n'kubadwa bwino ndimawamva kawirikawiri. Inde, ife tinabadwa. Amene sanabadwe sali pano kuti ayankhe. Funsani agogo aliyense kuti anapita padera kangati, kapena anataya makanda angati a masiku ochepa, mudzamva nambala zimene simunkaziyembekezera. Zifukwa zinali zambiri, malungo, kuchepa kwa magazi, kuchedwa kufika kuchipatala, ndipo sindinganene kuti onsewo unali mkaka. Kungoti panalibe woyeza, ndiye mlandu unkagwera mfiti kapena mwamuna woyendayenda.

Mayi akatenga pakati, chitetezo cha m'thupi mwake chimafooka pang'ono kuti thupi lisakane mwanayo. Tizilombo tina timapezerapo mwayi, ndipo toopsa kwambiri pankhani ya chakudya ndi totchedwa lisiteriya. Timapezeka m'dothi, m'madzi, m'ndowe za ziweto, ndipo kuchoka pamenepo kufika mu mkaka wongokama si ulendo wautali. Mayi woyembekezera amadwala matendawa mosavuta, pafupifupi kakhumi kuposa munthu wamba. Choipa chake, mayiyo mwina sadwala kwenikweni: kutentha thupi, kuphwanya, mutu, mwina kutsegula m'mimba pang'ono, zimene aliyense pano angati ndi malungo kapena chimfine. Koma tizilomboto timadutsa m'magazi kukafika pa nsengwa n'kulowa kwa mwana, ndipo zotsatira zake ndi kupita padera, mwana kufera m'mimba, kubadwa masiku asanakwane, kapena khanda kubadwa ndi matenda a m'magazi ndi oumitsa khosi.

Amene muli ndi abale ku Joni mukukumbukira za 2017 ndi 2018. Anthu oposa 1,000 anapezeka ndi matendawa ku South Africa, oposa 200 anamwalira, ndipo pafupifupi anayi mwa khumi alionse odwalawo anali makanda osakwana mwezi. Pa 4 Malichi 2018 nduna ya zaumoyo ya dzikolo, a Aaron Motsoaledi, inalengeza kuti gwero lake ndi poloni wochokera ku fakitale ina ya ku Polokwane, ndipo maiko oyandikana nalo, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, analamula kuti nyama zoterezi zichotsedwe m'masitolo. Msuweni wanga anali komweko nthawi imeneyo, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo nkhomaliro yake kuntchito inali buledi ndi poloni tsiku ndi tsiku chifukwa ndiye anali wotchipa. Anandiimbira usiku akulira. Kuchipatala anamufunsa ngati thupi latentha, anati ayi, ndiye anamuuza kuti apite kunyumba azidzimvetsera, thupi likangotentha abwere msanga. Chinamusowetsa tulo n'chakuti lisiteriya saonekera mawa lake ngati chakudya chowonongeka wamba. Angabisale milungu ingapo, mwina mpaka masiku 70. Iye anachira bwino, mwana wamwamuna, koma miyezi iwiri imeneyo anaonda ngakhale anali wodwala pakati.

Nkhani ya poloniyi imatiphunzitsa kuti furiji si chitetezo. Tizilombo tambiri timagona kukazizira, koma lisiteriya amaswanabe pang'onopang'ono ngakhale pa madigiri 4, kuzizira kwa furiji yabwinobwino. Nanga furiji ya pagolosale imene magetsi azima kuyambira m'mawa, yafunda, yaziziranso, poloni yemweyo akudulidwa ndi mpeni umodzi sabata yonse? Ndipo sanunkha, sasintha mtundu, sawawasa. Mphuno yanu singakuthandizeni apa. N'chifukwa chake ndikuti poloni, viyena ndi nyama zina zodyedwa zozizira muzisiye. Mtima ukakanika, kazingani mpaka zitenthe kufika m'kati, nthunzi ikutuluka, mudye pomwepo.

Tsono chambiko cha apongozi

Anthu ambiri amakhulupirira kuti mkaka ukasasa tizilombo timafa. Kuwawasako kumachepetsadi tina, koma sikumaliza. Lisiteriya amapirira, ndipo mu mkaka wosaphika mungakhalenso bulusela, amene amabweretsa kutentha thupi kobwerezabwereza kwa miyezi, komanso tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe. Ng'ombe yonenepa, yooneka yathanzi, ikhoza kukhala nato. Chambiko cha m'sitolo chochokera ku fakitale chimapangidwa ndi mkaka umene watenthetsedwa kale kuti tizilombo tife, ndipo chimenecho imwani, bola tsiku lolembedwa papaketi lisanadutse komanso paketi isakhale yofufuma.

Koma simukufunika kukana mphatso ya apongozi, zimene ndikudziwa kuti pabanja latsopano ndi mlandu. Apempheni azibweretsa mkaka weniweniwo, muwauze kuti anamwino a kusikelo ati uziyamba waphikidwa. Tengani lita imodzi, sefani, ikani pamoto mukutakasa mpaka uwire ndi kukwera m'poto, muusiye ubwate mphindi imodzi kapena ziwiri. Phulani, vundikirani, uzizire mpaka ukhale wofunda pang'ono chabe. Chidebe chosasitsira mutsuke ndi sopo n'kuchitsukuluza ndi madzi owira. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amaphika mkaka bwinobwino, kenako n'kuuthira m'chigubu chakale chosatsuka chija, kapena kuthiramo chambiko chotsala cha mkaka wosaphika kuti chisase msanga, ndiye zonse zabwerera pomwe zinali. Mkaka wophika suchedwa kuwonongeka ukangosiyidwa wokha, chifukwa moto wapha ndi tizilombo tabwino tosasitsa tomwe, choncho thiranimo masupuni awiri kapena atatu a chambiko cha m'sitolo kapena yogati wopanda shuga. Vundikirani, ikani pofunda, pofika mawa chagwirana. Chikatuluka chonanda ngati therere, chochita thovu kapena chonunkha chivundi, tayani.

Za kanyenya ndilankhula mosapsatira chifukwa inenso ndimamukonda. Vuto si nyamayo koma changu cha wowotcha. Makala akayaka kwambiri kunja kumapserera m'kati mukadali mofiira, makamaka nthuli zikuluzikulu za mbuzi ndi nkhumba, ndipo madzulo pamsika, ndi kuwala kwa kandulo kapena foni, simungaone. M'nyama yosapsa ya mbuzi, nkhosa ndi nkhumba mumabisala kachilombo kotchedwa tokisopulazima. Mayi akakatenga koyamba ali ndi pakati, iye mwina samva kalikonse, koma kwa mwana kamawononga maso ndi ubongo, ndipo nthawi zina vutolo limadzaonekera mwana atakula kale. Kachilombo komweko kamatuluka m'chimbudzi cha mphaka n'kukhala m'dothi kwa miyezi yambiri, ndiye inu amene mumagula dothi lodya pamsika, ganizirani kawiri. Chilakolako cha dothi kawirikawiri chimayenda ndi kuchepa kwa magazi, kanenereni kusikelo akupatseni mapiritsi owonjezera magazi m'malo mobisa.

Mukaima pakanyenya, yang'anani thabwa ndi mpeni. Ngati wowotchayo akudulira nyama yakupsa pomwe wadulira yaiwisi, ngakhale itapsa chotani yadetsedwanso. Kabichi ndi tomato wa saladi amene amathira pa tchipisi naye amadulidwira pomwepo, madzi otsukira ndi a m'chidebe chimodzi kuyambira m'mawa. Ine ndikanati gulani kanyenya wanuyo, saladi akhale, mukafike naye kunyumba mumudule tizidutswa n'kumubwezera pamoto mpaka pasapezeke pofiira ndipo madzi otuluka akhale oyera. Nkhuku chimodzimodzi, yang'anani pafupi ndi fupa. Mazira idyani, koma yolikiyo ilimbe, ndipo ndiwo zogona muzitenthetsa mpaka zibwate, osati kungofunditsa.

Zimene mwadya kale musadzizunze nazo, ambiri amene amwa chambiko chotere sadwala. Koma kuyambira lero mpaka miyezi iwiri ikubwerayi, thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena mukamva kuphwanya ndi kuzizidwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Akayeza malungo n'kupeza kuti mulibe, musangolandira panado n'kubwerera: auzeni momveka kuti mwakhala mukumwa mkaka wosaphika ndi kudya poloni. Lisiteriya amachizika ndi mankhwala a gulu la penisilini monga ampisilini, ndipo akayambidwa msanga mwana amatha kupulumuka, koma musagule nokha pagolosale. Miyezi ikamapita mukayamba kumva mwana akusewera, tsiku limene wachepetsa kusewerako musadikire kuti kuche.