Kulembera aphunzitsi amene mwina anakuiwalani

"Pa 5 Okutobala ndikufuna kulembera aphunzitsi anga a Sitandade 8, amene anapuma ntchito kalekale. Anandilipirira fizi mu 1991 bambo atamwalira. Koma ndikagwira cholembera zikungotuluka 'zikomo pa zonse'. Ndiyambire pati?"

Achimwene, yambani ndi kuwakumbutsa kuti ndinu ndani. Inu muli ndi aphunzitsi amodzi mumtima, koma iwo m'manja mwawo mwadutsa ana miyandamiyanda, ndipo dzina limene mumatchuka nalo kuntchito lero mwina si limene ankaitana m'kaundula m'mawa uliwonse. Tchulani sukulu, chaka, kalasi, mudzi, ngakhale dzina lachipongwe limene anzanu ankakuitanani nalo. Nkhalamba ikakumbukira nkhope, mawu otsatirawo amalowa.

Kenako sankhani chinthu chimodzi, musakute zonse. "Zikomo pa zonse" angalembe ngakhale mwana amene ankathawa pawindo nthawi ya masamu. Inu nkhani muli nayo kale, ndipo ndi yolemera: mu 1991 pulayimale inali yolipira, yaulere inabwera mu 1994, chaka chomwecho chimene bungwe la UNESCO linayambitsa tsiku lokumbukira aphunzitsi pa dziko lonse, la pa 5 Okutobalali. Ndalama imene anakulipirirani inachoka pa kamalipiro kodyetsera ana awo. Nenani zimenezo monga zinachitikira. Mwachitsanzo:

"Aphunzitsi, ndine mnyamata uja wa kutsidya kwa dambo, ndinkakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko mu 1991. Bambo atatisiya ndinajomba milungu itatu. Munabwera kwathu pa njinga, munakhala pamphasa ndi amayi, ndipo Lolemba lake dzina langa silinatchulidwe pa othamangitsidwa. Munali musanandiuze kanthu, ndinadzamva kwa amayi nditakhoza mayeso. Lero ndimagwira ntchito, ana anga awiri ali ku sekondale, ndipo amadziwa dzina lanu."

Sinthani malinga ndi zanu, koma taonani kuti za maudindo ndi galimoto mulibemo. Mzere umodzi wonena kumene mwafika ndi wokwanira; ukachuluka, kalata yothokoza imasanduka yodzichemerera. Ndipo musawaitane kuti "mdala" kapena "bwana" chifukwa choti nanunso mwamera imvi. Kwa inu ndi "aphunzitsi" mpaka kalekale.

Ine ndinalakwitsa pa katumizidwe. Ndinalemba uthenga wautali pa WhatsApp, osadziwa kuti aphunzitsi anga ali ndi kafoni kamabatani ndipo maso anayamba kuchita chifunga. Uthenga unakathera m'foni ya mdzukulu, anawawerengera mothamanga patapita mwezi. Chaka chotsatira ndinalemba pamanja, zilembo zikuluzikulu, n'kupita nayo ndekha. Anaiwerenga kawiri pakhonde, nandikonzera pamene ndinaiwala kachizindikiro ka funso.

Ngati mukufuna kuwagwira m'manja, shuga, sopo kapena kenakake ka mu envelopu muwapatse padera potsanzikana. M'kalatamo musatchule zobweza fizi ija, angaganize kuti mwabwera kudzatseka ngongole.