Machaputala pa vidiyo yaitali: avereji yokha ikunamizani

"Abale, ndili ndi vidiyo yophunzitsa ya mphindi pafupifupi 50 pa YouTube. Ndikufuna kuikamo machaputala ndi manambala a nthawi, koma ena akundiopseza kuti anthu azingodumpha. Ndingayese bwanji kuti ndidziwe ngati zasintha kaoneredwe ka anthu?"

Achimwene, musakhudze kaye chilichonse. Pitani mu YouTube Studio mujambule manambala a masiku 28 apitawa, muwasunge. Ine nkhani imeneyi inandilandisa ntchito, ndipo mpaka pano ndikaikumbuka mtima umandiwawa.

Ndinkakonzera mavidiyo bambo wina wophunzitsa Excel. Panali vidiyo ya mphindi 52 yomwe anthu ankaipeza okha pofufuza, ndipo Average view duration yake, avereji ya nthawi yomwe munthu amaonera, inkakhala pa mphindi 12. Tinagwirizana bwinobwino kuti ndiikemo machaputala, tisiye mwezi wathunthu osasintha kanthu kena, kenako tifananize. Anavomera ndi pakamwa pawo. Ndinaika. Sabata yomweyo, osandiuza, iwo anatenga linki n'kumwaza m'magulu onse a WhatsApp omwe alimo, a kuntchito, a anzawo akusukulu, mpaka a pachibale, ati tiyeni timuthandize m'bale wathu. Anasinthanso chithunzi chapachikuto kawiri.

Ndiye foni inalira usiku, ine nditagona kale. Popanda ndi moni yemwe. "Mwandiphera vidiyo." Anali atanditumizira chithunzi cha sikirini, nambala atayizunguliza ndi mzere wofiira wokhuthala: 7:00. Kuchoka pa 12 kufika pa 7. Ndinati bambo, tsegulani Advanced mode, musankhe Traffic source, pomwe pamaoneka njira zomwe anthu afikira pa vidiyo, tione limodzi. Anati safuna chizungu changa, nambala ikuyankhula yokha. Ndikuyankhula choncho ndinkamva akugogoda kiyibodi, kwa! kwa! kwa! kufufuta machaputala onse omwe ndinakhalira pansi n'kumabweza vidiyo mobwerezabwereza kuti chaputala chilichonse chiyambire pomwe chiganizo chikuyambira. Atamaliza anati ndalama ya mwezi umenewo adule theka, poti "aluza maola". Munthu wosadziwa kusiyanitsa Views ndi Impressions, koma wophunzitsa anthu kuwerengera. Zinandinyansa koopsa.

Asananditsekere kunja kwa tchanelo yawo ndinatsegula tebulo la Traffic source lija, ndipo nkhani yonse inali poyera. Ndifupikitse manambala kuti muone masamu ake. Anthu 1,000 obwera kudzera pa YouTube search ankaonera pafupifupi mphindi 11 aliyense. Anthu 800 a External, ochokera kunja kwa YouTube, achibale aja, ankaonera mphindi 2 n'kutuluka, chifukwa ndani angakhale mphindi 52 pa Excel chifukwa choti amalume atumiza? Phatikizani 11,000 ndi 1,600, mugawe ndi 1,800, mupeza 7 ndendende. Machaputala, ngati ndi amene anachita, anadya mphindi imodzi yokha. Zinayi zinazo zinadyedwa ndi linki yawo ija.

Choncho poyesa, fananizani anthu ochokera njira imodzi. Pa vidiyo yophunzitsa ine ndimatenga YouTube search basi, masiku 28 machaputala asanaikidwe ndi masiku 28 ataikidwa, kuti masabata akwane ndipo Loweruka ndi Lamlungu zilowemo mofanana mbali zonse. Mutu, chithunzi, zonse zikhale mmene zilili, ndipo linki musamwaze. Vidiyonso ikhale yakale, yoti inakhazikika. Yatsopano simungayesere, chifukwa masiku oyamba amaonera ndi okutsatirani, kenako kumabwera alendo, ndipo avereji imasuntha yokha ngakhale musakhudze kanthu. Sankhaninso vidiyo ina yofanana nayo kutalika ndi nkhani, imeneyo musaikemo kalikonse. Ikatsika nayonso mwezi womwewo, dziwani kuti si machaputala. Ndipo musadalire Test & Compare, chida cha YouTube chofananizira zithunzi zapachikuto, chimenecho sichiyesa machaputala.

Msampha wina: YouTube imatha kuika yokha machaputala. Pitani ku Details, Show more, muone kabokosi ka automatic chapters. Ngati kanali kochongedwa, n'kutheka kuti mwezi womwe mukuutcha "wopanda machaputala" unali nawo kale, ongoikidwa ndi makina. Onerani vidiyoyo ngati mlendo, muyang'ane mzere wofiira wa m'munsi uja ngati uli woduladula. Ngati uli choncho, chotsani chongi, kuwerenga kuyambire pamenepo, mudikire mwezi.

Kuikako n'kosavuta, mumalemba mu Description:

```
00:00 Zomwe tipange
04:10 Kuyeretsa tebulo
31:20 VLOOKUP ikalemba #N/A
```

Woyamba ayenera kukhala 00:00, akhale osachepera atatu, otsatana bwino, ndipo chaputala chilichonse chisachepere masekondi 10. Mukaphonya chimodzi, manambalawo amadinika ndithu koma mzere sugawika, ndiye mudzayesa chinthu chomwe palibe. Kuika manambala mu ndemanga nakonso sikugawa mzere.

Pomwe muonere zenizeni ndi pa girafu ya Engagement, ya Key moments for audience retention, yoonetsa kuchuluka kwa anthu omwe akuonerabe pa mphindi iliyonse ya vidiyo. Ipatseni tsiku limodzi kapena awiri, imachedwa kudzaza. Yathu poyamba inkangotsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Machaputala atalowa inasintha maonekedwe: inagwa msanga itangodutsa mphindi yoyamba, kenako n'kutumphuka pa 31:20 penipeni, pa #N/A paja, n'kukhala pamwamba mpaka chaputala chimenecho chitatha. Apo ndi pomwe panali yankho. Anthu omwe kale ankatopa pa mphindi 10 osafika pomwe ankafuna, tsopano ankalumpha molunjika, kuonera, ena kubwezanso, n'kumapita atathandizidwa. Kutumphuka kukagwera pomwe chaputala chikuyambira, ndi machaputala akugwira ntchito. Kukakhala pakati pa chaputala, kawirikawiri ndi pomwe mwafotokoza mothamanga ndipo anthu akubweza kuti amve. Ndipo chaputala chomwe girafu imalowa pansi kuyambira poyamba mpaka pothera, chimenecho anthu sakuchifuna, kapena dzina mwachipatsa silikunena kanthu. "Gawo 2" sadina munthu. Lembani vuto lenileni, mmene munthu angalilembere pofufuza, pakuti Google nayo imatha kuonetsa machaputala amenewa m'zotsatira zake, munthu n'kulowera pakati pa vidiyo osadutsa koyambirira.

Muyang'anenso Watch time yonse ya YouTube search, osati avereji yokha. Avereji itha kutsika pomwe maola onse akukwera, ngati obwera achuluka.

Koma ndinene chilungamo, ngati vidiyo yanu imaonedwa ndi anthu 100 kapena 200 pamwezi, kuyesaku musavutike nako. Anthu ochepa oiwala vidiyo ikusewera amakoka avereji yonse, ndipo mudzasangalala kapena kulira ndi mphepo. Ingoikani basi. Komanso ngati mukuthamangitsa maola 4,000 omwe YouTube imafuna kuti muyambe kulipidwa, mphindi imodzi ija si yaing'ono, pa anthu 1,000 ndi maola oposa 16. Ndipo pa vidiyo yomanga chinthu chimodzi kuchokera poyambira, pomwe sitepe yachisanu siyenda popanda yachiwiri, ine masiku ano ndimaika machaputala ochepa kwambiri, nthawi zina osaika n'komwe, chifukwa odumpha aja amabwerera mu ndemanga kudzakalipa kuti fomula sikugwira pomwe anadumpha okha pokonza tebulo. Ngati tchanelo ndi ya munthu wina, zoti sakhudza kanthu mwezi wonse alembe pa meseji, muisunge, ndipo ndalama yanu mulandiriretu musanaike 00:00.